Kalata Yofotokoza Malipiro: Ndi Mainvoyisi Ati Amene Alipiridwa?

Amalonda ambiri a m'maboma a Machinga ndi Balaka amagulitsa simenti, malata ndi mabuku kumakhonsolo. Ndalama zikalowa ku akaunti, uthenga wa banki umangosonyeza chiwerengero chake, osatchula katundu amene walipiridwa. Zimenezi zimafotokozedwa m'kalata yofotokoza malipiro, imene akalaliki a zachuma amaitcha remitansi. Kalatayi imatchula nambala ya invoyisi iliyonse imene yalipiridwa, tsiku lake, ndalama zake, zimene zadulidwa, ndiponso tsiku ndi nambala ya malipirowo.

Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Liwonde, amene sanalembetse msonkho wa VAT, wapereka zipangizo zomangira mdadada wa sukulu ku Ntaja maulendo atatu. Invoyisi 041 ndi ya K2,000,000, invoyisi 047 ndi ya K1,500,000, ndipo invoyisi 052 ndi ya K900,000. Zonse pamodzi ndi K4,400,000, koma ku akaunti kwalowa K3,395,000 yokha. Kodi wina wadyapo?

Kalata ija ikuyankha. Ikusonyeza kuti alipira mainvoyisi awiri oyamba okha, amene akukwana K3,500,000. Pa ndalamazi adulapo K105,000, msonkho wa K3 pa K100 iliyonse umene wogula amadula pa katundu wotere n'kukapereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Chotsala ndi K3,395,000 ija. Choncho mainvoyisi awiriwo atha, palibenso ngongole. Wamalondayo afunse satifiketi ya msonkho wodulidwawo, pakuti ndiwo umboni wake powerengera msonkho wa pachaka. Amene ali ndi satifiketi ya MRA yomupatula pa msonkhowu aipereke malipiro asanakonzedwe.

Invoyisi 052 sikupezeka m'kalatamo, kutanthauza kuti sinalipiridwe. Kawirikawiri invoyisi imatsalira pamene chikalata chotsimikiza kuti katundu wafika sichinasainidwe, kapena pamene mitengo ndi kuchuluka kwa katundu sizikugwirizana ndi oda imene khonsolo inalemba. Wamalondayo apite ku ofesi ya zachuma atatenga makope a oda, invoyisi ndi chikalata cholandirira katundu, ndipo afunse za invoyisi 052 yokhayo.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti wamalonda amangochotsa ndalama zimene walandira pa ngongole yonse. Akatero amalemba kuti kwatsala K1,005,000, pamene buku la khonsolo likunena K900,000. Kusiyana kwa K105,000 kumeneku kungathe kuimitsa ntchito, wamalonda akukana kubweretsa katundu wina, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo.

N'chifukwa chake kalatayi ikafika muiyerekeze ndi sitetimenti ya kubanki, mulembe kuti "yalipiridwa" pa invoyisi iliyonse imene yatchulidwa, ndipo muisunge pamodzi ndi satifiketi ya msonkho. Nawo a komiti yoyang'anira ntchito m'dera, akamva dandaulo lakuti khonsolo sinalipire, ayambe afunsa kuti ndi invoyisi nambala chani.