Kutambasula chithunzi osapotoza botolo

Wogulitsa uchi pa intaneti ali ndi chithunzi chimodzi chabwino cha botolo lake, chija cha mbali zinayi zofanana chomwe anthu amaika pa Instagram: mapikiselo 1080 m'lifupi, 1080 mumsinkhu. Tsopano akufuna chikwangwani cha pamwamba pa tsamba lake la X, chomwe chimakhala 1500 kwa 500, kutanthauza kuti utali wake ndi katatu msinkhu wake. Akangochikoka chithunzicho m'mbali, botolo limanenepa katatu, chivindikiro chimaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa. Akachidula, pamatsala kamzere ka mapikiselo 360 okha mumsinkhu, khosi ndi tsinde la botolo zitapita.

Njira yachitatu ndi yomwe kampani ya OpenAI inaitcha Outpainting pomwe inaiika mu DALL·E mu Ogasiti 2022. Adobe inabweretsa yake mu Photoshop mu 2023 pa dzina la Generative Expand, ndipo Canva ili ndi Magic Expand. Zonsezi sizikoka kanthu. Zimasiya chithunzi momwe chilili, n'kujambula zatsopano m'malo opanda kanthu m'mbali mwake, potengera mitundu, kuwala ndi mizere yomwe ili m'mphepete.

Masamu ake ndi awa. Kuti msinkhu ukhalebe 1080, chikwangwani chiyenera kutalika 3240. Ndiye kuti mapikiselo 2160, magawo awiri mwa atatu a chithunzi chonse, ndi ongopeka makina. Odziwa ntchitoyi saika botolo pakatikati. Amawonjezera 540 kumanzere ndi 1620 kumanja, kuti mtengo ndi nambala ya foni zipeze pokhala. Mu Photoshop munthu amatenga Crop, amakokera malire kunja, n'kudina Generate, ndipo pamatuluka zithunzi zitatu zoti asankhepo.

Pamene ambiri amapunthwa ndi m'kabokosi kolembamo malangizo. Munthu amalemba kuti "botolo la uchi patebulo", poganiza kuti akuthandiza, koma makinawo amamva ngati auzidwa zoti ajambule m'malo atsopanowo. Zotsatira zake, pafupi ndi botolo lenileni pamamera lachiwiri, lopindika, lokhala ndi lebulo ya zilembo zosawerengeka. Chofunika n'kufotokoza zakumbuyo zokha, monga tebulo lathabwa ndi khoma loyera, kapena kungosiya kabokosiko kopanda mawu.

Kudzaza malo onse a kumanja nthawi imodzi nakonso kumavuta. Kutali ndi chithunzi choyambirira makina alibe poonera, ndiye amayamba kudzipangira zawo: mphepete mwa tebulo mumakhota, mizere ya thabwa imabwerezabwereza, penanso pamatulukira kapu yomwe palibe anaiitanitsa. Komanso zida zambiri zimajambula kachigawo ka mapikiselo pafupifupi 1024 n'kukakulitsa kuti kakwane, choncho mbali yatsopano imaoneka yachimbuuzi poyerekeza ndi yakale. Kuwonjezera pang'onopang'ono, mwina 500 ulendo uliwonse, kumachepetsa mavuto onse awiri.

Nanga botolo lenilenilo limakhaladi losakhudzidwa? Osati nthawi zonse. Zida zina, makamaka zogwiritsa Stable Diffusion, zimapanikiza chithunzi chonse n'kuchimasulanso, ndipo timalemba ting'onoting'ono ta palebulo, monga kulemera kwa uchi ndi tsiku lothera ntchito, timatuluka titasungunuka pang'ono. Mankhwala ake ndi osavuta: chithunzi choyambirira chimamatidwanso pamwamba pa chatsopanocho, pamalo pake penipeni, n'kufewetsa m'mphepete mokha kuti msoko usaoneke. Wofuna kutsimikiza asanamate amasanjikiza ziwirizo n'kusankha Difference. Pomwe sipanasinthe pamada bii, pomwe pasintha pamawala. Kuwala kukaoneka pa lebulo, makina agwira katundu.

Pali chimodzi chomwe luso lonseli silingakonze. Ngati botolo linagunda malire a chithunzi pojambula, mbali ina itadulidwa, makinawo amamaliza okha mbali yosowayo. Chogwirira cha kapu, zipi ya chikwama kapena chidendene cha nsapato zimatuluka zooneka bwino koma zabodza, ndipo kasitomala adzalandira chinthu chosiyana ndi chomwe anaona. Apa kujambulanso, foni itatalikirako pang'ono, n'kwanzeru kuposa kulimbana ndi kompyuta.

Chomaliza kuyang'ana ndi mthunzi. Ngati kuwala kunkachokera pawindo la kumanzere, mthunzi wa botolo umagwera kumanja, ndipo ukafika pamalire akale uyenera kupitirira mbali yomweyo n'kuzilala pang'onopang'ono. Ukaduka mwadzidzidzi, kapena khoma la kumanja likawala kuposa la kumanzere, chithunzicho n'chotaya, asankhe china mwa zitatu zija. Zonse zikakhala bwino, 3240 kwa 1080 amaichepetsa kufika 1500 kwa 500, ndipo kuchepetsako kumabisanso chimbuuzi chotsalira.