Kodi Ndani Amakankha Anthu Minibasi Ikamakhota?

Minibasi yochokera ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre ikafika pa raundabauti ya ku Chichiri, anthu onse okhala m'katimo amapendekera limodzi ngati apangana. Polowa amatsamira kumanja pang'ono, pozungulira amakhuthukira kumanzere komwe kuli chitseko ndi kondakitala, kenaka potuluka amabwereranso kumanja. Botolo la madzi lomwe linagwa pansi limagubuduzika kutsatira komweko. Wokhala pawindo amadandaula kuti "mukundipanatu apa," mnzake n'kuyankha kuti si iyeyo, akukankhidwa. Onse awiri akunena zomwe akumva m'thupi, koma wokankhayo palibe amene angamuloze.

Kodi pali mphamvu ina yomwe imawaponyera anthu kunja kwa kona?

Ayi, palibe. Munthu woima m'mbali mwa msewu, kapena woyang'ana ali pamwamba pa nyumba yosanja, angaone zina. Minibasi ikukhotera kumanja, koma thupi la wokwera likupitirirabe molunjika komwe limalowera galimotoyo isanayambe kukhota. Khoma la kumanzere la minibasi ndilo likubwera kudzadutsa njira ya munthuyo n'kumugunda paphewa. Wokwerayo amati waponyedwa kukhoma, pamene khomalo ndi lomwe lamupeza.

Izi zimachokera pa khalidwe la chinthu chilichonse cholemera. Chikakhala chikuyenda, chimapitiriza molunjika pa liwiro lomwelo mpaka china chitachikankha kapena kuchikoka. Isaac Newton analemba zimenezi ngati lamulo lake loyamba la kayendedwe ka zinthu m'buku lomwe linatuluka mu 1687. Lamulo lomweli ndi lomwe limagwetsera anthu kutsogolo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa waona munthu akubayitsa pa siteji: galimoto yaima, matupi sanaime. Pa kona nkhani ndi yomweyo, kungoti chomwe chasintha si liwiro koma kolowera.

Nanga chimakhotetsa minibasiyo n'chiyani?

Ndi matayala pomwe agwira phula. Dalaivala akapotoza chiongolero, matayala akutsogolo amapingasa, ndipo msewu umawakankhira cham'mbali, kuloza m'kati mwa kona. Malo omwe tayala limodzi lakhudza pansi ndi aang'ono, pafupifupi kukula kwa chikhatho, koma kukhota konse kwa galimoto yodzaza anthu ndi katundu kumadalira timalo tinayi timeneti.

Mphamvu yoloza m'kati mwa konayi iyenera kufika kwa wokwera aliyense, apo ayi munthuyo sakhota. Imachoka pa matayala kupita ku thupi la galimoto, kenaka ku mpando. Mpando umakoka munthu pogwirana ndi zovala zake. Ngati mpandowo wakutidwa ndi pulasitiki yoterera, kugwiranako kumachepa, munthu n'kutsetsereka mpaka atapeza chomuimitsa: khoma, chitsulo, kapena phewa la mnzake. Choncho mphamvu yeniyeni yomwe thupi limalandira pa kona ndi yokankhira m'kati, osati kunja.

Mwana aliyense amene anazunguzapo mwala pa chingwe anaona umboni wake. Chingwe chimakokera mwala kudzanja nthawi zonse. Akachitaya, mwala suthawa molunjika kuchokera pa dzanja, koma umapitirira kutsogolo komwe umaloza pa nthawi yomwe wautayayo.

Ngati mphamvuyo kulibe, bwanji thupi limaimva bwinobwino chonchi?

Chifukwa wokwera amayeza zonse poyerekeza ndi minibasiyo. Maso ake akuona mipando, denga ndi msana wa dalaivala, ndipo zonsezi kwa iye zangokhala. Akaona thupi lake likusuntha pakati pa zinthu zooneka zokhazikika, bongo umagamula kuti pali chomukankha. M'kati mwa khutu mulinso tiziwalo tothandiza munthu kudziwa kumwamba ndi pansi, ndipo m'menemo muli timiyala ting'onoting'ono tomwe nato timatsalira mutu ukamakhota. Tiziwaloti sititha kusiyanitsa kupendekeka ndi kukhota, ndiye munthu amamva ngati pansi pasamukira cham'mbali.

Akatswiri a fizikisi sanyoza kumva kumeneku. Akafuna kuwerengetsa zochitika m'kati mwa chinthu chozungulira, amaikamo mphamvu yongoganizira yoloza kunja, yotchedwa sentirifugo, ndipo masamu ake amatuluka bwino. Chomwe amakana n'chakuti pali chinthu chenicheni chomwe chikuitulutsa. Dalaivala akangowongola chiongolero, imatheratu nthawi yomweyo.

Pali kachinthu kena koti munthu aone ulendo wina. Dalaivala sapendekera kunja ngati anthu ake. Iye amadziwa kuti kona ikubwera, wagwira chiongolero, ndipo amatsamira m'kati galimoto isanakhote. Wokhala kumbuyo, yemwe akungoona zipewa za anzake, kona imamudzidzimutsa. Kusaona msewu kumeneku ndi chimodzi mwa zomwe zimachititsa nseru anthu a kumbuyo m'misewu yokhotakhota ngati ya ku Chiweta kapena yotsetserekera ku Chikwawa.

Kodi kukankhikako n'kwakukulu bwanji?

Apa pali masamu ochepa omwe Christiaan Huygens wa ku Netherlands anawasindikiza mu 1673. Amalembedwa chonchi: a = v²/r. Chilembo v ndi liwiro, r ndi mtunda wochokera pakatikati pa kona kufika pomwe galimoto ikudutsa, ndipo a ndi kukula kwa kukhotetsedwa komwe thupi liyenera kulandira. Kona ikakhala yothina, r amachepa ndipo a amakula. Koma chofunika kwambiri ndi kanambala kali pamwamba pa v, komwe kakutanthauza kuti liwiro limachulukitsidwa ndi liwiro lomwelo.

Titenge kona yomwe r wake ndi mamita 25, ndi mayi wolemera makilogalamu 60. Minibasi ikadutsa pa makilomita 18 pa ola, ndiye kuti ikuyenda mamita 5 pa sekondi. 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25, kugawa ndi 25 tipeza 1. Mphamvu yomwe dziko limakokera zinthu pansi, poyeza mofananamo, ndi pafupifupi 10. Choncho mayiyu amakankhika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ngati makilogalamu 6. Mpando wokha umakwanitsa kumugwira, ndipo mwina sazindikira n'komwe kuti akhota.

Dalaivala wina, wothamangira kukalanda anthu pa siteji yakutsogolo, alowe kona yomweyo pa makilomita 36 pa ola. Apa ndi mamita 10 pa sekondi: 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100, kugawa ndi 25 tipeza 4. Liwiro lawonjezeka kawiri kokha, koma kukankhika kwakula kanayi, kufika ngati makilogalamu 24. Tsopano taganizani anthu atatu olemera chimodzimodzi pa mpando woterera. Wapawindo la kunja kwa kona ayenera kukhotetsa anzake awiriwo ndi phewa lake, zomwe zingayandikire makilogalamu 48, ngati thumba la chimanga lamutsamira m'nthiti. Kudandaula kwake kuja kuli ndi maziko.

Pa makilomita 54 pa ola, masamu omwewo amapereka 9, pafupifupi kulemera konse kwa munthu. Minibasi singathe kudutsa kona imeneyi pa liwiro lotere.

Chimachitika n'chiyani liwiro likapyola malire?

Matayala ali ndi polekezera. Pa phula louma, matayala abwino amatha kukankhira galimoto cham'mbali ndi mphamvu yokwana pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a kulemera kwake. Pa kona yathu ya mamita 25, malire amenewa amafikidwa pa makilomita pafupifupi 47 pa ola. Mvula ikagwa kugwirako kumatsika kwambiri, ndipo kukatsika kufika pa magawo 4 mwa 10, malire amabwerera pa makilomita 36 pa ola, liwiro lomwe dzulo lake kuli dzuwa galimoto inadutsa popanda vuto. Mchenga wokokoloka pamsewu, mafuta otayika ndi matayala akutha zimachita chimodzimodzi. Zikatero galimoto imachita zomwe thupi la wokwera limafuna kuchita poyamba paja: imapitirira molunjika, kaya kutsogoloko kuli ngalande, mtengo kapena galimoto ina.

Ngozi ina ndi kugubuduzika, ndipo minibasi ndi yosatetezeka pa imeneyi kuposa galimoto yaing'ono chifukwa ndi yaitali m'mwamba koma yopapatiza. Msewu umakankha matayala pansi penipeni, pamene kulemera kwa galimoto kuli m'mwamba ndipo kukufuna kupitirira molunjika. Zotsatira zake galimoto imapendekera kunja, matayala a kunja akulemedwa, a m'kati akupepukidwa. Anthu akadzaza, pakatikati pa kulemera pamakwera, chifukwa mipando ili pamwamba ndithu. Matumba akamangidwa padenga pamakweranso. Ndiye anthu onse akatsetserekera mbali imodzi, amawonjezera kulemera ku mbali yomwe yalemedwa kale. Minibasi yopanda anthu ikhoza kungoterereka pa kona pomwe yodzaza ingagudubuzike.

Zizindikiro zimamveka msanga kwa wotchera khutu. Matayala amalira, galimoto imapendekeka kuposa masiku onse, ndipo dalaivala amapotoza chiongolero koma mphuno ya galimoto osamvera.

Bwanji osangoponda buleki zikafika pamenepo?

Chifukwa kugwira kwa tayala n'kumodzi, ndipo buleki ndi kukhota zimagawana komweko. Tayala lomwe lagwiritsa kale mphamvu yake yonse pokhota lilibe yotsala yoimitsira galimoto, ndiye kuponda buleki mwamphamvu pakati pa kona kumangofulumizitsa kuterereka. Madalaivala odziwa ntchito amachepetsa liwiro msewu ukadali wowongoka, n'kulowa m'kona atatsitsa kale giya. Nawo opanga misewu amakweza mbali ya kunja ya kona kuti msewuwo uthandize kukankhira galimoto m'kati, koma kupendeketsako amakuwerengera liwiro linalake, lomwe nthawi zina limalembedwa pa chikwangwani kona isanafike.

Nanga wokwera angachitepo chiyani?

Angadzipatse yekha mphamvu yoloza m'kati ija m'malo moisiyira nthiti za mnzake. Kuponda pansi mapazi atatalikirana, kugwira mpando wakutsogolo ndi kutsamira m'kati mwa kona zimathandiza, ndipo pomwe pali lamba, ntchito imeneyi amaigwira bwino kuposa manja. Mwana wapamiyendo agwiridwe kona isanafike, osati itayamba.

Malo ofunika kusamala kwambiri ndi pachitseko. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, chitseko chokoka cha minibasi chili kumanzere, ndipo raundabauti iliyonse imazunguliridwa mokhotera kumanja. Izi zikutanthauza kuti pa raundabauti iliyonse, chomwe chikukhotetsa wokhala pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi onse omutsamira, ndi chitsekocho ndi loko wake. Loko akakhala wakufa, kapena kondakitala akasiya chitseko chotsegula uku akuitanira anthu, palibe chomukankhira munthuyo m'kati. Minibasi imakhota yokha, iye n'kupitirira molunjika pa liwiro lomwe galimoto inali nalo, lomwe m'chitsanzo chathu chija ndi mamita 10 pa sekondi iliyonse.