Nyumba ya 12: Kumene Munthu Amabisala ndi Kumene Amapumira

Okhulupirira nyenyezi akafuna kulongosola moyo wa munthu, amafunsa zinthu zitatu: tsiku limene anabadwa, nthawi yake ndi malo ake. Akatero amajambula bwalo loimira thambo monga linalili pa nthawiyo, n'kuligawa zigawo 12 zotchedwa nyumba. Nyumba yoyamba imayambira kum'mawa, pamene thambo limakumana ndi dziko, ndipo imaimira mwini wakeyo, thupi lake ndi maonekedwe ake. Yomaliza, ya 12, ili pamwamba pang'ono pa malo omwewo. Muli dzuwa, mwezi kapena pulaneti imene yangotuluka kumene.

Akale ankaiopa nyumbayi. Agiriki ankaitcha "mzimu woipa", ndipo ankati pulaneti ya Satuni, imene ankaigwirizanitsa ndi ukalamba ndi chisoni, imakondwera ikakhala m'menemo. Chifukwa chake chinali cha kawerengedwe kawo. Iwo ankati nyumba zina zimaonana, koma yoyandikana kwambiri ndi yoyamba sioneka, monga mmene munthu saonera khutu lake. Choncho zonse zimene zimam'dya munthu iye osaziona anaziika m'menemo. William Lilly wa ku Mangalande, m'buku lake la mu 1647, anaikamo ndende, adani obisika ndi chisoni. Ku India amaitcha nyumba ya kuwononga, ya zimene zimatuluka m'manja, koma amaikamonso tulo, maiko akutali ndi kumasuka kwa mzimu.

Apa m'pamene nkhaniyi imakoma. Ndende, chipatala, nyumba ya amonke ndi chipinda chogona zimafanana pa chinthu chimodzi: chitseko chimatsekedwa, anthu n'kutsala kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina munthu amadzitsekera yekha mwakufuna, kwina amatsekeredwa. Omasulira a masiku ano amati amene ali ndi dzuwa kapena mwezi m'nyumbayi amafunika nthawi yokhala payekha, ndipo akaimanidwa amaiba mobisa.

Tiyerekeze mayi amene anabadwa 7 koloko m'mawa, tsiku limene dzuwa linatuluka 6 koloko. Nyumba iliyonse imatenga pafupifupi maola awiri kuti idutse kum'mawa, choncho dzuwa lake lili m'nyumba ya 12. Womasulira angamuuze kuti amagwira bwino ntchito yosaonekera, kuti phwando limam'topetsa ngakhale akusangalala, ndiponso kuti savutika kuthandiza ena koma kupempha thandizo kumam'lemera. Kenako angam'funse za zizolowezi zobisika. Kodi ana akagona amakhala pa foni mpaka pakati pa usiku? Kodi pali ngongole imene amuna ake saidziwa? Malinga ndi kamasuliridwe aka, zimenezi si kuipa mtima ayi, ndi mpumulo umene wasowa khomo n'kulowera pawindo.

Pali njira ina yakale yowerengera zaka. Chaka choyamba cha moyo chimapatsidwa nyumba yoyamba, chotsatira yachiwiri, mpaka kuzungulira. Motero nyumba ya 12 imafika munthu ali ndi zaka 11, 23, 35, 47, 59 ndi 71. Mayi uja akafika 35 angalangizidwe kuchepetsa maudindo, kumaliza zimene anazisiyira panjira, kugona mokwanira, ndi kudikira chaka cha 36 kuti ayambe zatsopano.

Kawerengedwe kameneka kamalakwika msanga. Malo otulukira kum'mawa amasuntha digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Ngati mayi uja anabadwa 5 koloko, dzuwa lisanatuluke, ndiye kuti lili m'nyumba yoyamba, ndipo kumasulira konse kwasintha. Kuuzidwa kuti "unabadwa m'mamawa" sikokwanira. Komanso njira zogawira nyumba n'zingapo, moti omasulira awiri akhoza kuika dzuwa lomwelo m'nyumba zosiyana. Choposa zonse, sayansi sinapeze umboni woti nyenyezi zimaumba khalidwe. Mu 1985 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Shawn Carlson, amene anapeza kuti omasulira sanapose munthu wongolota pogwirizanitsa zojambulazo ndi makhalidwe a eni ake.

Chimene ndimachilemekeza m'nyumbayi ndi funso limene imabweretsa, pakuti funsolo silidalira thambo. Ukatuluka m'chipinda chimene unadzitsekera, umatuluka wopepukidwa kapena wolemedwa? Wopumadi amabwerera kwa anthu ali ndi mphamvu, ndipo sachita manyazi kunena kumene anali. Wobisala amatuluka wotopa kuposa poyamba, ali ndi bodza lokonzeratu. Ndipo ngati kudzipatulako kwatha milungu iwiri, chakudya sichikukoma, tulo tasokonekera, zimene ankazikonda sizikum'kondweretsanso, nkhani si ya nyenyezinso. Munthuyo atsegule chitseko, auze wina amene amam'khulupirira, apite kuchipatala.