Kutopa kosatha ndi kuthothoka kwa tsitsi: pamene magazi ali okwanira koma ayironi watha

Mtsikana wina wa zaka 22 wa ku Chitakale, m'boma la Mulanje, anapita kukachita maphunziro a ukachenjede ku South Africa. Patatha miyezi isanu anayamba kudzuka ali wotopa ngakhale atagona usiku wonse. Akakwera masitepe opita m'kalasi mtima unkathamanga, ndipo akawerenga tsamba limodzi ankaiwala zimene zinali kumayambiriro kwake. Kenaka chipeso chinayamba kudzaza tsitsi m'mawa uliwonse.

Ataimbira foni kunyumba, mayi ake anati, "Mwanangu, kumeneko ndi kusowa kwanu. Uzidya mokwanira, uzolowera." Iye anayankha kuti, "Amayi, ndikudya ndithu, koma mphamvu ndilibe."

Kuchipatala anamuyeza malungo ndi mimba, osapeza kanthu. Himogulobini wake, yemwe pa pepala la zotsatira amalembedwa kuti Hb, anali 12.3 g/dL. Popeza mkazi wosayembekezera amatchedwa woperewera magazi Hb ikatsika pansi pa 12, anauzidwa kuti magazi ali bwino ndipo mwina ndi nkhawa ya mayeso. Anabwerera ku hositelo akudziona ngati waulesi, ndipo mayeso amodzi anawalephera.

Ulendo wachitatu anakumana ndi dokotala amene anafunsa funso limene ena sanafunse: kodi msambo umatenga masiku angati? Mtsikanayo anati masiku asanu ndi atatu, ndipo masiku oyambirira amasintha padi pa ola lililonse kapena awiri. Ankaganiza kuti akazi onse amatero. Anaululanso mwamanyazi kuti amalakalaka kutafuna ayezi. Dokotala anaitanitsa kuyeza feritini, ndipo zotsatira zinali 7 µg/L.

Chifukwa chake Hb inabisa vutoli

Thupi limagwiritsa ntchito ayironi wambiri popanga himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya. Wotsalayo limamusunga m'chiwindi ndi m'mafuta a m'mafupa, ndipo feritini ndi muyeso wa ayironi wosungidwayo. Zili ngati banja lokhala ndi nkhokwe: nsima imapezekabe m'mbale tsiku lililonse pamene chimanga m'nkhokwe chikutsika. Woyang'ana m'mbale yokha sangadziwe kuti njala yayandikira. Hb ndi mbale, feritini ndi nkhokwe. Hb imatsika pomalizira, nkhokwe itatha kale, koma munthu akhoza kuyamba kutopa nthawi imeneyo isanafike.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene feritini wake ali pansi pa 15 µg/L ayironi wamuperewera, ndipo madokotala ambiri amayamba kuthandiza akatsika pansi pa 30. Pali msampha umodzi wofunika kwa ife kuno. Feritini amakwera thupi likamalimbana ndi matenda monga malungo kapena chifuwa chachikulu, choncho munthu wodwala akhoza kukhala ndi feritini wooneka wabwino pamene nkhokwe yake ili yopanda kanthu. Kwa wodwala wotere WHO imakweza malirewo kufika pa 70.

Tsitsi nalo lili ndi kachitidwe kake. Thupi likapanikizika, tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi, n'kudzathothoka patatha miyezi iwiri kapena itatu. Limachepa mutu wonse, osati kusiya zigamba. Kuperewera kwa ayironi ndi chimodzi chabe mwa zimene zimayendera limodzi ndi vutoli. Kubereka, kudwala kotentha thupi ndi matenda a chithokomiro zimathothotsanso tsitsi. Likamatha chakumphumi ndi m'mbali mokha, ganizirani za kuluka kothina kwambiri.

Kumene ayironi ankapita

Kwa mtsikanayu panali zinthu ziwiri. Choyamba, ankataya magazi ambiri mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, chakudya chinasintha. Kwawo ankadya usipa, nandolo, nyemba ndi bonongwe. Kunja, pofuna kusunga ndalama, ankadalira buledi, mpunga ndi tiyi. Monga mwana wokulira pakati pa minda ya tiyi, ankamwa tiyi wamphamvu pa chakudya chilichonse. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi wochokera ku zomera m'matumbo, thupi n'kulephera kumuyamwa. Sikuti munthu asiye tiyi, koma amwe patatha ola limodzi kapena kuposerapo atadya. Chinanazi, gwafa, lalanje kapena tomato wosaphika zimathandiza ayironi kulowa m'thupi zikadyedwa pamodzi ndi chakudya.

Chithandizo ndi nthawi yake

Anapatsidwa mapiritsi a ayironi a mtundu umene umapezekanso m'zipatala zathu, a 200 mg, omwe ali ndi ayironi weniweni pafupifupi 65 mg. Ankamwa limodzi pa tsiku ndi madzi, kutali ndi tiyi ndi mkaka. Anauzidwiratu kuti chimbudzi chidzada ndipo zimenezi sizoopsa. Atayamba kumva nseru ndi kudzimbidwa, dokotala anati azimwa tsiku limodzi n'kudumpha lotsatira m'malo mosiyiratu. Anatumizidwanso kwa oona za amayi kuti msambo uchepetsedwe, chifukwa kuthira madzi m'ndowa yobooka n'kutaya nthawi.

Chilakolako cha ayezi chinatha msanga. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono m'masabata angapo. Tsitsi linachedwa: linapitiriza kuthothoka kwa kanthawi, ndipo latsopano linaoneka patapita miyezi. Apa m'pamene odwala ambiri amalakwitsa. Ena amasiya mapiritsi akangomva bwino, ena amasiya poona kuti tsitsi silikusintha. Amene Hb yake inatsika ayenera kupitiriza kumwa kwa miyezi itatu Hb itabwerera m'malo mwake, kuti nkhokwe idzazenso.

Zoyenera kufunsa kumudzi ndi pachipatala chaching'ono

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49 ndi woperewera magazi. Kuyeza feritini sikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri, choncho mafunso ndiwo chida chachikulu cha mlangizi wa zaumoyo. Mkazi akadandaula za kutopa kwa nthawi yaitali, funsani ngati msambo umapitirira masiku asanu ndi awiri kapena umatuluka ndi zibulumwa. Funsani ngati amalakalaka dothi, funso limene ambiri sangaliyambe okha. Yang'anani m'kati mwa zikope ndi m'zikhatho ngati mwayera, podziwa kuti kusayera sikutsimikiza kuti ayironi alipo. Kuno kwathu ganiziraninso za njoka za m'mimba ndi likodzo, zomwe zimaba magazi mobisa.

Tumizani msanga kuchipatala munthu wopuma movutikira atangokhala, wotupa mapazi, wokomoka, kapena mayi woyembekezera wofooka kwambiri. Bambo kapena mayi wosiya kusamba akapezeka ndi ayironi wochepa afunika kufufuzidwa ngati akutaya magazi m'matumbo, osati kungopatsidwa mapiritsi. Amene wamwa mapiritsi mwezi wathunthu Hb osakwera abwerere kwa dokotala. Ndipo m'nyumba mapiritsiwa azisungidwa pamwamba, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Mtsikana uja anabwera kutchuthi ku Chitakale atalembanso mayeso aja n'kukhoza. Madzulo ena anaona mng'ono wake wa Fomu 3 akupala chikhoma cha khitchini n'kuponya dothi m'kamwa. M'mawa mwake anapita naye kuchipatala, ndipo asanalowe anamuuza kuti, "Akakufunsa za msambo, usachite manyazi. Unene masiku onse."