Chitseko cha khitchini chikalimba, mpweya waperewera

Mu lesitilanti, chivundikiro chachitsulo chapamwamba pa chitofu chimakoka utsi, koma mpweya wotulukawo umayenera kubwezeredwa. Fani ikamatulutsa makyubiki mita 3,000 pa ola, ina ilowetse pafupifupi 2,500, wotsalawo uchokere kuchipinda chodyeramo kuti fungo lisafike kwa makasitomala. Wolowawo ukachepa, chitseko chimalimba potsegula, ndipo utsi umasefukira m'mbali mwa chivundikiro.

Utsiwo umanyamula mafuta amene amakanirira m'paipi ndipo sachedwa kuyaka. N'chifukwa chake paipiyo imakhala yachitsulo chokhuthala, yowotcherera polumikiza paliponse, yopendekera kuchivundikiro kuti mafuta azitsika, komanso yokhala ndi tizitseko totsukira pokhota. Mafuta akayamba kudontha polumikiza, zimitsani chitofu, itanani mmisiri.