"Ndinatengadi" Sikuti "Ndinaba": Woimbidwa Mlandu Akapanda Kumva Chilankhulo cha Khoti

Mukalowa m'khoti la majisitireti m'mawa, maso anu amathamangira kwa woweruza amene wakhala pamwamba, kenako kwa wapolisi wozenga mlandu, kenako kwa munthu amene waima m'bokosi. Koma pali munthu wina amene amakhala chapansi pang'ono, kutsogolo kwa woweruzayo, pafupi ndi mulu wa mafayilo. Ndiye amaitana dzina la woimbidwa mlandu, ndiye amalumbiritsa mboni, ndipo m'makhoti ambiri ndi yemweyonso amene amamasulira. Mawu onse a mlandu amadutsa pakamwa pake kawiri, popita ndi pobwera. Iye akaphonya liwu limodzi, munthu atha kukagona kundende pamlandu umene sanauvomere.

Makhoti athu amalemba zonse m'Chingerezi. Malamulo ali m'Chingerezi, chikalata cha mlandu chili m'Chingerezi, chigamulo chimalembedwa m'Chingerezi. Pomwe anthu ambiri amene amaima m'bokosimo ndi alimi, asodzi, ogulitsa malonda pamsika, anyamata a kabaza, amene Chingerezi chawo n'chongopatsana moni. Ambiri alibenso loya. Malamulo oyendetsera dziko lino, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1994, analiona vutoli. Gawo 42 limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akafika kukhoti aweruzidwe m'chilankhulo chimene amamva. Ngati zimenezo sizitheka, zonse zochitika m'khotimo zimasuliridwe kwa iye, ndipo wolipira womasulirayo ndi boma. Sikuti khoti likumuchitira chifundo ayi. Ndi ufulu wake, wofanana ndi ufulu wokhala chete kapena wopempha belo.

Malo amene ngozi imachuluka kwambiri ndi koyambirira kwenikweni, pamene munthu akufunsidwa ngati akuuvomera mlandu kapena akuukana. Tiyeni tiyerekeze nkhani yotere, yomwe aliyense wokhala kumudzi angaizindikire. Bambo wina analima ganyu m'munda wa mnzake, atagwirizana kuti malipiro ake adzakhala mbuzi imodzi. Chimanga chinakololedwa, mbuzi osaoneka. Atatopa n'kulonjerera, bamboyo anapita kudambo masana dzuwa likuswa mtengo, namasula mbuzi ija pachikhomo, n'kupita nayo kwawo anthu akuona. Mwini mbuzi anathamangira kupolisi.

Kukhoti, chikalata cha mlandu chikuwerengedwa m'Chingerezi. Womasulira, amene ali ndi mafayilo ena ambiri omudikira tsiku lomwelo, akufupikitsa: "Akuti munatenga mbuzi ya uje. Mukuvomera kapena mukukana?" Bamboyo, poti si munthu wabodza, akuyankha kuti, "Ndinatengadi, bwana." Womasulira akutembenukira kwa woweruza n'kunena m'Chingerezi kuti wavomera mlandu.

Apa ndiye pagona nkhani. M'malamulo athu a milandu, kuba sikungotenga chinthu cha mwini. Pamafunika kuti wotengayo atenge mwachinyengo, komanso alibe chikhulupiriro choona mumtima mwake choti chinthucho n'choyenera kukhala chake. Munthu amene anatenga mbuzi akukhulupiriradi kuti ndi malipiro ake ali ndi podzitetezera, ngakhale njira yomwe anatsata inali yosayenera. Kaya khoti limukhulupirira kapena ayi, zimenezo ziyenera kudziwika umboni utamvedwa. Koma liwu loti "munatenga" lameza mbali yonse ya chinyengo ija, ndipo "ndinatengadi" wasanduka "ndinaba". Mlandu wakewonso si wamasewera. Kuba wamba chilango chake chimatha kufika zaka 5, koma kuba chiweto monga ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba chimatha kufika zaka 14.

Lamulo linaika mpanda pamalo amenewa. Gawo 251 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni limati khoti lisalembe kuti munthu wavomera mlandu lisanatsimikize kuti iye akumvetsa chimene akuvomeracho ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera kwathunthu, popanda "koma". N'chifukwa chake woweruza wosamala amauphwanya mlandu m'zidutswa n'kufunsa chimodzichimodzi: Mbuziyo munaitenga? Inali ya ndani? Munkadziwa kuti simuyenera kuitenga? Akatero, wozenga mlandu amafotokoza mmene zinachitikira, ndipo woimbidwa mlandu amafunsidwanso ngati zimene zanenedwazo n'zoona. Bambo uja akangoti, "Ndi zoona, koma mbuziyo inali malipiro anga," khoti liyenera kulemba kuti waukana mlandu, mboni ziitanidwe. Mpandawu ndi wabwino, koma umaima pa womasulira. Ngati iye sanaitenge "koma" ija n'kuifikitsa kwa woweruza, kapena ngati wamudula bamboyo n'kumuuza kuti zimenezo akanena panthawi yopempha kuti chilango chichepe, mpanda wagwa.

Palinso china chimene ndimaona kuti sichikambidwa mokwanira. Munthu amene anakulira pabwalo la amfumu amadziwa kuti mlandu umayamba ndi kufotokoza. Umayamba kumene nkhani inayambira, akuluakulu namvetsera mpaka umalize. Amadziwanso kuti kulimbalimba pamaso pa akuluakulu ndi mwano, ndipo wonena kuti "ndalakwa, mundikhululukire" ndiye amachitiridwa chifundo, mwina kungolipitsidwa nkhuku. Akafika kukhoti la boma amabwera ndi ulemu womwewo. Amagwedeza mutu, amati "eya bwana" ngakhale pamene sanamve, poopa kuoneka wamakani. Sakudziwa kuti kuno "ndalakwa" ndi chitseko chimene chikatsekeka n'chovuta kutsegula. Choncho vuto silili pa Chingerezi chokha. Ngakhale mawu atamasuliridwa bwino m'Chichewa, amagwera m'makutu ozolowera bwalo lamtundu wina.

Mawu ena a zamalamulo alibe mnzake weniweni m'Chichewa. Milandu iwiri ya kupha munthu timakonda kuisiyanitsa ponena kuti "kupha mwadala" ndi "kupha mwangozi". Komatu ngozi yeniyeni, yopanda kusasamala kulikonse, nthawi zambiri si mlandu n'komwe. Mlandu wachiwiriwo umakhudza munthu amene wapha mnzake mosaloledwa ndi lamulo koma popanda cholinga choipa chimene lamulo limafuna pamlandu woyamba uja, monga amene wachita atapsetsedwa mtima mwadzidzidzi. Munthu atha kuvomera "kupha mwangozi" akuganiza kuti akudziyeretsa, pomwe akudzimanga. Womasulira waluso pamenepa safulumira. Amauza woweruza kuti liwuli likufunika kulifotokoza, woweruza nalifotokoza, iye n'kumasulira kufotokozako.

Ntchito ya womasulira ili ndi malire ake. Amanena zimene zanenedwa, zonse, osawonjezera, osachotsa, osakometsa. Mboni ikati "ndinamuona", iyenso amati "ndinamuona". Mboni ikazengereza n'kuti "ngati anali iyeyu", kukayikako kuyenera kufika kwa woweruza, pakuti mlandu ungathere pa "ngati" ameneyo. Mboni ikatchula mawu olaula, sawabisa m'mikuluwiko. Sakhala loya wa woimbidwa mlandu, sakhala mthandizi wa apolisi, ndipo si ntchito yake kunong'oneza munthu kuti "ingovomerani, zithe msanga". Wachibale wa mbali imodzi, kapena wapolisi amene anafufuza mlanduwo, sayenera kumasulira, ngakhale atakhala kuti chilankhulocho amachidziwa bwino kuposa wina aliyense m'chipindamo.

Ndipo kumasulira sikuthera pa chikalata cha mlandu. Pali mlandu wina wodziwika wa ku Mauritius, wa munthu wotchedwa Kunnath, wochokera ku India, amene ankalankhula Chimalayalamu. Anamuimba mlandu wa mankhwala ozunguza bongo ndipo anagamulidwa kuti aphedwe. Womasulira analipo m'khotimo, koma umboni wa mboni sanaumasulire kwa iye. Kunnath ananena yekha ali m'bokosi kuti zimene mboni zinkanena sanazimve. Mu 1993 khoti la apilo la ku London, limene limamva maapilo omaliza ochokera ku Mauritius, linafafaniza chigamulocho. Mfundo yake inali yakuti kupezeka pamlandu wako sikungokhalapo ndi thupi lokha, koma kumva zimene zikunenedwa kuti uthe kuziyankha. Mfundoyi imakhudza kwambiri munthu wopanda loya, chifukwa mboni ikamaliza, iye yemweyo ndiye amapatsidwa mpata woifunsa mafunso. Angatsutse bwanji umboni umene waumva theka?

Kuno kwathu zimavuta kwambiri chilankhulo chikakhala chakutali ndi dera la khotilo. Kalaliki wa ku Lilongwe atha kudziwa Chichewa ndi Chitumbuka, koma m'bokosi mwaima mayi wolankhula Chisena cha ku Nsanje kapena Chilambya cha ku Chitipa. Kuganiza kuti Mmalawi aliyense amamva Chichewa n'kulakwitsa, pakuti Chichewa chogulira tomato si Chichewa chodzitetezera pamlandu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli anthu olankhula Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda ndi Chifalansa. Anthu ochokera ku Ethiopia amagwidwa akudutsa m'dziko muno. Palinso anzathu osamva, amene amafunika womasulira wa chilankhulo cha manja. Womasulira akasowa, mlandu umaimitsidwa, ndipo munthu amene sanapatsidwe belo amabwerera ku rimandi kukadikira. Kudikirako n'kowawa, komabe n'kwabwino kuposa kuweruzidwa uli mumdima.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti zolakwika za kumasulira sizisiya mapazi. Majisitireti amalemba m'Chingerezi zimene wamva kwa womasulira, kapena zimene wamasulira yekha m'mutu mwake. Mawu enieni a Chichewa amene munthu analankhula amathera m'malere. Fayilo ikapita ku khoti lalikulu, kaya pa apilo kaya kuti akaiunikenso, jaji amangowerenga kuti woimbidwa mlandu anavomera. Chimene chingamuunikire ndi zizindikiro zochepa: fayilo yosatchula chilankhulo chimene chinagwiritsidwa ntchito kapena amene anamasulira, kuvomera kwa liwu limodzi pamlandu waukulu, kapena munthu amene "wavomera" kuba koma popempha chifundo akunena kuti mbuziyo inali malipiro ake. Zoterezi zikaoneka, khoti lalikulu lili ndi mphamvu yofafaniza chigamulo kapena kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Koma pofika pamenepo munthu amakhala atadya kale nsima ya kundende kwa miyezi.

Choncho inu kapena m'bale wanu mukadzaima m'bokosimo, tchulani chilankhulo chanu mlandu usanawerengedwe, ndipo chikhale chimene mumalankhula pakhomo, osati chimene mumangochimva pang'ono. Pamene simunamve, kwezani dzanja munene kuti "sindinamve, abwereze". Mukaona kuti mwalankhula nthawi yaitali koma womasulira wanena mawu atatu okha, uzani woweruza, ndipo pemphani kuti dandaulo lanulo alilembe m'fayilo. Ngati muli ndi "koma" mumtima, musanene kuti mukuvomera. Kanani mlanduwo, mudzafotokoze mbali yanu mboni zikadzamaliza.