Tisanataye sola, tiyambe taipima

Batire la nyali zophera usipa likasiya kudzaza, ambirife timangoti sola yafa. Komatu nthawi zina vuto limakhala waya wodyeka ndi dzimbiri, ndipo malitimita imatiuza zoona.

Tipime masana, dzuwa lili paliwombo. Tiphimbe solayo ndi chitenje, timasule mawaya ake ku kontolola, kenako tivundukule. Chingwe chakuda cha mita chilowe pa COM, chofiira pa V, ndipo tiloze pa DC 200. Sola yodzazira batire la mavoti 12 imaonetsa pakati pa 18 ndi 22. Tikapeza ziro kumapeto kwa waya, tikapimenso m'kabokosi ka kuseri kwa sola. Ngati kumeneko mavoti alipo, solayo ili moyo, tifufuze polumikiza.

Koma mavoti okha amanamiza. Tiphimbenso, tisamutsire chofiira pa 10A, tiloze pomwepo, tilumikize, tivundukule. Sola ya mawati 100 imapereka maampu 5 kapena 6. Ikapereka 1 yokha m'kabokosi muja, ili yopukuta bwino, yatha ntchito.

Chonde abale, chofiira chikadali pa 10A tisagunditse pa batire. Pamathetheka moto, mita n'kupsa. Tikamaliza, tichibwezere pa V.